Foto ya girini khadi: bedishiti, rula ya mwana wa sukulu ndi foni ya mlamu

M'zaka zija, mwezi wa Okutobala ukafika muno mu Livingstone, zinthu ziwiri simukanaziphonya. Choyamba ndi dzuwa lija lowotcha mpaka phula la mu Mosi-oa-Tunya Road lichita kufewa. Chachiwiri chinali mapepala omata pa zitseko za makafe a intaneti, oitana anthu kuti abwere alembetse lotale ya girini khadi ya ku Amerika. Mwina nanunso munaimapo pa mzere umenewo, thukuta lili kamukamu, kafoto kanu kali m'thumba la shati. Ine ndinaimapo kawiri, mu 2022 ndi mu 2023. Lero sindifuna kukamba za Amerika, kaili sindinapiteko. Ndifuna tikambe za kafoto kaja, chifukwa ndi pamene ambiri timagwera osadziwa kuti tagwa.

Ndimasebenza pa loji ina m'mbali mwa Zambezi, yonyamula zikwama za alendo, ndipo ndikhala ku Dambwa ndi amake mwana. Mu Okutobala 2022 ndinachoka ku nchito masana n'kulowa pa kafe ina mu tauni. Ndinali ndi foto yapapepala imene ndinakopetsa zaka ziwiri kumbuyo pofuna nchito, nditavala shati ya yunifomu, kumbuyo kuli nsalu ya buluu. Mnyamata wa pa kafe anaiyang'ana n'kunena kuti, "Osadandaula bakamba, tizaikonza manje manje." Anaiika pa tebulo, anaikopa ndi foni yake, anatsegula ka apu kena n'kufuta buluu uja, kumbuyo kunayera mbee. Foto inali yaitali kuposa m'mbali, ndiye anaikoka mpaka inakhala sikweya. Nkhope yanga inatuluka yonenepa monga ndadya ndalama za chilimba. Anaikweza pa webusaiti, inalowa, ndinalipira ndalama ya kafe, ndinatenga nambala yanga n'kupita kunyumba ndikumwetulira.

Mu Meyi 2023 ndinalowetsa nambala ija pa Entrant Status Check ndipo anandiyankha ndi mawu aja odziwika, HAS NOT BEEN SELECTED. Ndinati basi, ni lotale, mwayi siunali wanga. Ba sisi ena a pa risepushoni ku nchito, amene amathandiza alendo ndi mafomu tsiku ndi tsiku, ndiwo ananditsegula maso nditawaonetsa foto ija pa foni. Anaseka mpaka kugwira tebulo. "Imwe, iyi foto ili na milandu inayi. Ni yakale, muli mu yunifomu, kumbuyo banafuta na apu, futi nkhope banaikoka. Munawerengako malamulo?" Ndinayankha kuti webusaiti inailandira. Iwo anati, "Kulandira na kuvomera ni vinthu viwiri."

Mawu amenewo ndiwo mutu wa nkhani yanga yonse. Foto yanu imakumana ndi oweruza awiri. Woyamba ndi makina a pa webusaiti, amene amaona fayilo: mtundu wake, kukula kwake, kulemera kwake. Mukalakwitsa apa, makina amakana pomwepo ndipo muli ndi mpata wokonza. Woweruza wachiwiri ndi malamulo okhudza nkhope yanu, kumbuyo kwanu ndi tsiku limene foto inakopedwa. Uyu sakuwuzani chilichonse pa tsiku lolembetsa. Malangizo a boma la Amerika amanena poyera kuti foto yosatsata malamulo, kapena yosinthidwa ndi makina, ikhoza kuchotsetsa dzina lanu mu lotale, kapenanso kukukanizitsani viza pambuyo pake. Ndipo mu Meyi, amene sanachite mwayi ndi amene anachotsedwa chifukwa cha foto amawerenga mawu amodzimodzi pa sikirini. Mpaka lero sindingakuwuzeni ngati mu 2022 ndinaluza lotale kapena sindinalowemo n'komwe.

Munthu amaloledwa kulembetsa kamodzi chabe pa chaka. Mukalembetsa kawiri pofuna kukonza foto, onse awiri amatayidwa. Ndiye mukatumiza fomu ndi foto yolakwika, mwataya chaka chathunthu. Chaka chotsatira, kulembetsa kwa DV-2025 kunatsegulidwa pa 4 Okutobala 2023 n'kutsekedwa pa 7 Novembala, pa dvprogram.state.gov. Ulendo uno ndinawerenga malangizo ndisanayandikire kompyuta iliyonse. Zimene ndikuwuzani pano ndi mwamene malamulo analili chaka chimenecho. Chaka chili chonse amatulutsa malangizo atsopano, ndiye muziyamba mwawerenga a chaka chanu.

Chinthu choyamba chimene ndinapeza chinandiumitsa pakamwa. Safuna foto yanu nokha. Afuna ya mkazi kapena mwamuna wanu, ndi ya mwana aliyense wosakwatira amene sanakwanitse zaka 21, olo sakhala nanu, olo mulibe maganizo opita naye. Aliyense foto yakeyake, osati ija ya banja ya pa Khirisimasi. Ine ndili ndi kamwana ka miyezi 7 pa nthawiyo, komanso mtsikana wa zaka 9 amene ndinabereka ndisanakwatire, wokhala ndi ambuya ake ku Libuyu. Mu 2022 mnyamata wa pa kafe sanandifunse za ana, inenso sindinakambe. Umenewo unali mlandu wachisanu. Manje ndinafunika mafoto anayi, onse okopedwa mkati mwa miyezi 6 yapitayi, ndipo foto imene munaitumiza chaka chatha siloledwa kubwereranso.

Tiyambe ndi kumbuyo, pakuti ndi pamene ma apu amanyenga anthu. Lamulo likuti kumbuyo kukhale koyera, kapena koyera kopita ku kirimu, kopanda maluwa, mizere kapena chithunzithunzi cha mutu wanu. Anthu amaganiza kuti njira yachidule ndi kukopa paliponse kenako apu ifute. Vuto ndi lakuti kufutako ndiko kusintha foto kumene akukana, ndipo kumaoneka. Kulitsani foto yotero pa foni muyang'ane m'mbali mwa makutu ndi m'tsitsi. Mudzaona kamzere kowala kozungulira mutu, tsitsi lodulidwa monga ndi lumo, nthawi zina nsonga ya khutu itapita pamodzi ndi khoma. Pa foto yanga ya 2022 panatsala kabuluu pakati pa khosi ndi kolala, monga dzimbiri.

Khoma la nyumba imene tikhala ndi lobiriwira, ndiye amake mwana anatulutsa bedishiti yoyera ija yosungira alendo. Tsiku loyamba tinaipachika mwamene inalili, ndipo mizere yopinda inaoneka pa foto monga mapu. Anaichisa, tinaimanga ndi mapegi pa waya m'khonde, n'kuikoka pansi ndi njerwa ziwiri kuti isagwedezeke ndi mphepo. Ngati muli ndi khoma loyera losalala, olo la neba kapena la ku tchalitchi, ndiye bwino koposa. Chachikulu n'chakuti musatsamire. Mukagunda msana pa nsalu, chithunzithunzi cha mutu wanu chimagwera pomwepo, chakuda, pambali pa khutu. Imani sitepe imodzi yaikulu patsogolo pake, pafupifupi mita imodzi, chithunzithunzi chimagwera pansi kumene kamera siona.

Manje kuwala. Apa ndi pamene ife akhungu lakuda tiyenera kuchenjera kuposa alendo anga a ku loji. Kamera ya foni ikaona nsalu yoyera yadzaza sikirini, imaganiza kuti kwawala kwambiri, ndiye imachepetsa kuwala. Nsalu imatuluka bwino, koma nkhope imasanduka mdima, maso ndi mano chabe. Tinayesa koyamba 13 koloko pabwalo, padzuwa la Okutobala. Maso ndinatsinzina, pansi pa mphuno panali mdima, chipumi chinawala monga poto watsopano. Tinayesa usiku ndi fulashi, chithunzithunzi chinabwerera pa nsalu ndipo thukuta linachita kung'anima. Zonse ziwiri zinakanika.

Chimene chinasebenza ndi m'mawa cha m'ma 7 koloko, mumthunzi wa khonde, nkhope yanga italoza kubwalo kumene kuwala kuchokera, nsalu ili kumbuyo. Kuwala kuzibwera kutsogolo kwanu, osati kumbuyo kapena mbali imodzi. Wokopa asanadine, agunde ndi chala pankhope panu pa sikirini, kuti kamera iyeze kuwala pa nkhope osati pa nsalu. Ngati ikadali yakuda, mafoni ambiri amaonetsa kadzuwa kakang'ono pambali, kokwezera kuwala pang'ono. Muyeso wake ndi uwu: masaya onse awiri aziwala mofanana, ndipo khungu lizioneka mtundu umene mumauona pa galasi. Pukutani thukuta ndi kansalu musanaime. Valani chovala chamtundu wakuda kapena wowala bwino, pakuti shati yoyera pa nsalu yoyera imasowa, mutu n'kuoneka monga ukuyandama.

Ndinabwereka foni ya mlamu wanga chifukwa kamera yake ndi yabwino kuposa yanga, ndipo inabwera ndi vuto lake. Foto yoyamba inatuluka ndili wosalala monga mwana wa sukulu, kachipsera ka pachibwano kanga katasowa, khungu litayera. Mlamu anali atasiya Beauty yoyaka. Zimitsani zonse zotere, Beauty, mafyuluta, ndi Portrait imene imasokoneza kumbuyo, chifukwa nazonso ndi kusintha nkhope. Amene adzakuonani ku embase ku Lusaka ngati mwasankhidwa afuna munthu wa pa foto akhale yemweyo waima patsogolo pawo, ndi zipsera zake zomwe.

Selefi iwalani. Dzanja ndi lalifupi, ndiye kamera imakhala pafupi kwambiri, mphuno imakula, makutu amabisala, phewa limodzi limakwera. Wina akukopeni ndi kamera yakumbuyo, ataima masitepe awiri kuchokera pamene muli, foni ili pa msinkhu wa maso anu. Amake mwana ndi wamfupi kwa ine, ndiye mafoto oyamba anaonetsa mphuno zanga m'kati monga akuyeza chimfine. Tinathetsa nkhaniyo ndi sitolo, ine kukhala pansi, iye kuimirira moweramako. Yang'anani mu kamera mwachindunji, mutu osapendeka, maso onse otsegula, pakamwa potseka, nkhope ya masiku onse. Ndipo wokopa asiye malo ambiri pamwamba pa mutu ndi m'mbali mwa mapewa. Foto yotakasuka mungaidule, koma yothina simungaiwonjezere.

Za zovala n'zachidule. Magalasi a maso analetsedwa kuyambira pa 1 Novembala 2016, olo mumavala tsiku lililonse, kupatula ngati pali chifukwa cha chipatala ndi kalata ya dokotala. Yunifomu ayi, ndipo izi zitikhudza ambiri muno, ife a m'maloji, alonda, oyendetsa maboti ndi operekeza alendo ku mathithi, amene foto yathu yabwino nthawi zambiri ndi ya ku nchito. Kapusi ayi, mahedifoni ayi. Chovala cha kumutu chimaloledwa ngati ndi cha chipembedzo chimene mumavala masiku onse, koma nkhope yonse ioneke, popanda mthunzi. Duku yongobisa tsitsi losaluka siili m'gulu limenelo. Amake mwana anadandaula, koma anaivula.

Tafika pa masamu, ndipo musathawe, ndi a giredi 7. Foto ikhale sikweya, mapikiselo 600 m'litali ndi 600 m'mbali. Mutu, kuyeza kuchokera pansi pa chibwano kufika pamwamba pa tsitsi, utenge pakati pa 50 ndi 69 peresenti ya kutalika kwa foto. Pa 600, ndiye kuti mutu usachepere 300 ndipo usapitirire 414. Maso akhale pakati pa 56 ndi 69 peresenti kuyeza kuchokera pansi pa foto, kutanthauza pakati pa 336 ndi 414. Mwachidule, maso akhale pamwamba pang'ono pa pakati, ndipo mutu utenge kopitirira theka la foto koma osadzaza.

Mapikiselo simungawawerenge ndi maso, ndiye ine ndinatenga rula ya pulasitiki ya mwana wa neba. Ndinadula foto pa foni posankha 1:1, imene ndiyo sikweya, kenako ndinaitsegula n'kuika rula pa sikirini. Pa foni ya mlamu, sikweya yonse inali masentimita 6. Theka la 6 ndi 3, ndipo 69 peresenti ya 6 ndi 4.1. Choncho mutu unayenera kukhala pakati pa masentimita 3 ndi 4.1, maso pakati pa 3.4 ndi 4.1 kuchokera pansi. Ngati sikirini yanu ipereka muyeso wina, chulukitsani muyesowo ndi 0.5 ndi 0.69 kuti mupeze malire a mutu, ndi 0.56 ndi 0.69 kuti mupeze a maso. Kakyuleta ili mu foni momwemo.

Kudula kwanga koyamba, mutu unatuluka masentimita 4.5. Gawani 4.5 ndi 6, mupeza 75 peresenti, wakulitsa. Ndinazolowera mafoto a ma situdiyo athu, amene nkhope imadzaza pepala. Ndinabwerera ku foto yoyambirira n'kudulanso motakasuka, mapewa akuoneka. Ulendo uno mutu unali 3.6, imene ndi 60 peresenti, maso ali pa 3.7 kuchokera pansi, pafupifupi 62 peresenti, ndipo pamwamba pa tsitsi panatsala kampata koyera. Mphuno inali pakati penipeni, masentimita 3 kuchokera mbali iliyonse. Ya amake mwana inativuta chifukwa anamanga tsitsi pamwamba monga chulu. Tsitsi limawerengedwa, ndiye tikati mutu ukwane, maso amatsikira pansi pa malire, tikati maso akwane, chulu chimadulidwa. Anamasula n'kumangira kumbuyo, masamu anagwirizana.

Mukadula, foto imakhala ikadali yaikulu. Yanga inachoka mu kamera ili 3000 kwa 4000, yolemera mamegabaiti opitirira 3, pamene webusaiti ifuna fayilo ya JPEG yosapitirira makilobaiti 240. Apa mufunika Resize, pa foni kapena pa kompyuta, n'kulemba 600 ndi 600. Webusaiti ya travel.state.gov ilinso ndi Photo Tool yodulira foto pa muyeso womwewo, koma kudula chabe sikuyeretsa nsalu yakuda kapena kuchotsa magalasi. Dongosolo lake musalisinthe: yambani kudula sikweya, kenako chepetsani. Mukalemba 600 ndi 600 pa foto imene siinadulidwe, makina amaikoka, ndipo mudzanenepa monga ine mu 2022. Yanga itachepetsedwa inatsika kufika makilobaiti 96. Kuti mutsimikize, tsegulani foto, pitani pa Details, kapena Properties pa kompyuta, muwerenge manambala ndi maso anu.

Pali misampha itatu imene ndinaona anzanga akugweramo pa mzere. Woyamba ndi sikirinishoti. Munthu amadula foto bwino, kenako amakopa sikirini, ndipo mafoni ambiri amasunga zimenezo monga PNG, nthawi zina ndi mizere yakuda m'mbali. Kusintha dzina la fayilo kuti lithere ndi .jpg sikusintha mtundu wake, monga kulemba shuga pa chitini cha mchere. A ma iPhone nawo achenjere, foni zawo zimakonda kusunga HEIC, pokhapokha musankhe Most Compatible pa Formats mu zokonzera za kamera. Wachiwiri ndi WhatsApp. Mukatumiza foto mwamasiku onse imafinyidwa, ndipo ikadutsa mafoni atatu nkhope imayamba timabokosi. Tumizani monga Document, kapena ndi kebulo. Wachitatu ndi kukulitsa kafoto kakang'ono, ka 300 kwa 300, kuti kafike 600. Manambala amakwana, makina amalandira, koma nkhope imakhala ya chifunga.

Ngati mukonda kupita ku situdiyo, palibe cholakwa, ambiri ali ndi magetsi abwino ndi nsalu yoyera. Koma musangonena kuti mufuna ya pasipoti, chifukwa adzakuwashirani zija zazitali zimene tinazolowera. Nenani kuti mufuna fayilo, sikweya, 600 kwa 600, kumbuyo koyera kwenikweni, osakonza nkhope. Imani pomwepo muone pa kompyuta, pakuti ena amasalaza khungu mwachizolowezi poganiza kuti akukuchitirani zabwino. Ngati muli ndi yapapepala yatsopano ya mainchi 2 kwa 2, imene ndi mamilimita 51 mbali zonse, iikidwe pa sikana pa 300 dpi, ndipo ituluka 600 kwa 600 ndendende. Kuikopa ndi foni ili pa tebulo kumabweretsa kung'anima ndi kupendeka.

Kamwana ka miyezi 7 sikadziwa za Amerika. Sikangakhale kokha, ndipo lamulo likuti pa foto pasaoneke munthu wina, olo chala cha amake. Tinayala bedishiti yomwe ija pa mphasa m'khonde, tinakagoneka chagada, ine n'kuima pamwamba ndi foni, ndikusamala kuti mthunzi wanga usagwere pankhope pake. Amake anaima kumbuyo kwanga akugwedeza makiyi kuti kayang'ane kumwamba. Tinakopa mafoto opitirira 30. Pena kakulira, pena chibakera chili m'kamwa, pena katembenuka. Imodzi chabe ndiyo inatuluka maso ali otsegula, pakamwa potseka, manja ali pansi. Nthawi yabwino ndi pamene kangoyamwa koma tulo tisanabwere.

Foto yovuta koposa siinali ya masamu. Loweruka ndinakwera takisi kupita ku Libuyu, bedishiti ili m'chola, mapegi m'thumba. Ambuya ake a mtsikana wanga anandilandira bwino mpaka pamene ndinatchula Amerika. Nkhope inasintha. "Mufuna kunitengera mwana? Namulera ine kuchokera ali na myezi itatu, lelo mubwera na nyula yoyera monga ya maliro?" Ndinakhala pansi pa mpando waung'ono n'kufotokoza mofatsa. "Amai, sinimutenga. Ni lamulo chabe, bafuna bana bonse balembedwe. Nikamusiya pa fomu, ndiye kuti nakamba boza kuti nilibe mwana uyu." Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Chaka chatha munamulemba?" Ndinayang'ana pansi. Iwo anaitana mwana kuti akasambe kumaso.

Tinapachika nsalu pa waya wa zovala, kuseli kwa nyumba kumene kunali mthunzi. Ambuya anagwira ngodya imodzi kuti mphepo isaikupize, dzanja lawo lili kutali ndi kamera. Mwanayo anavala yunifomu ya sukulu poganiza kuti ndiyo yaulemu, ndinamupempha kuti asinthe avale diresi. Ndinagwada kuti foni ifike pa msinkhu wa maso ake. Kuseka ndiko kunativuta, akangoti aumitse nkhope, kuseka kumaphulika, ambuya nawonso kumbali. Nditaika rula pa sikirini, iye ndiye anawerenga manambala, 3.5, ndipo anandiuza yekha kuti yapitirira theka la 6. Sindinadziwe kuti masamu amawakhoza chotero.

Lolemba ndinapita pa kafe ina ndi mafayilo anayi okonzeka, lililonse ndi dzina la mwini wake kuti ndisasokoneze ana. Izi n'zofunika chifukwa fomu imakupatsani mphindi 60 chabe kuchokera pamene mwaitsegula, ndipo simungaisunge kuti mudzamalize mawa. Si nthawi yoyamba kufunafuna apu yochepetsera foto, intaneti ikuchita kukwawa, anthu kumbuyo akukuwuzani kuti mufulumire. Ndinakhala pa kompyuta ndekha. Mtsikana wa pa kafe anafuna kuthandiza, "Ba ankolo, nipaseni niikonzeko kumbuyo iwale." Ndinati iyayi, zikomo, isiyeni mwamene ilili. Mafoto onse anayi analowa ulendo umodzi. Tsamba la Confirmation Number ndinalipulinta, ndinalikopanso ndi foni, chifukwa popanda nambala imeneyo simungaone zotsatira, ndipo isatsale m'manja mwa munthu wa pa kafe.

Mufuna kudziwa ngati ndinawina. Mu Meyi 2024 ndinalowetsa nambala, amake mwana ataima kumbuyo kwanga, ndipo mawu anali omwe aja, HAS NOT BEEN SELECTED. Maviza amene amaperekedwa mu lotale imeneyi sapitirira 55,000 pa chaka, pamene olembetsa pa dziko lonse ndi mamiliyoni, ndiye foto yabwino siikulonjezani kalikonse. Imangokulowetsani m'chipewa mmene akutolamo maina. Kusiyana kwake n'kwakuti ulendo uno sindinagone ndikudzifunsa za kabuluu ka pakhosi.

Mafoto aja sangagwirenso nchito pa lotale, miyezi 6 inapita kale. Ya mtsikana wanga ndinakaiwashitsa mu tauni, ndipo ili pa khoma ku Libuyu, pafupi ndi kalenda. Ambuya ake akuti akuoneka monga loya. Bedishiti inabwerera m'sutikesi, rula ndinagula yangayanga ya K5 pa Maramba Market. Ngati muli ku Dambwa ndipo khoma lanu ndi lobiriwira monga langa, chisani nsalu madzulo, mudzuke 7 koloko isanakwane, ndipo muuze wokopa agunde pankhope asanadine.